Kalata yomasuliridwa ndi makina m'Chijeremani: mmene mungaifufuzire musanaitumize

Alamu anga ndi namwino, ndipo akhala zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito m'chipinda chochitira opaleshoni pa chipatala cha boma. Atamva kuti chipatala china cha ku Germany chimalandira anamwino akunja kuti akaone ntchito kwa milungu isanu ndi itatu, analemba kalata m'Chingerezi, nkuiponya m'makina omasulira, Chijeremani nkutuluka nthawi yomweyo. Madzulo ake anabwera kunyumba foni ili m'manja.

"Alamu, ingoyang'anani pang'ono ngati zili bwino. Ndaibwezanso m'Chingerezi ndipo yabwerera bwinobwino."

Ndinawerenga kawiri ndisanayankhe. Kalatayo inali yosalala, mawu onse olembedwa molondola, aneni ali m'malo mwake. Koma inkatchula dokotala wamkazi kuti bambo, inkanena kuti alamu angawo ndi mkazi, ndipo pakati pake inasiya ulemu nkuyamba kulankhula ndi dokotalayo ngati mnzawo wosewera naye bawo. Nayi mmene inalili. Dzina la dokotalayo ndalichotsa nkuikapo Mustermann, dzina limene Ajeremani amalemba pa zitsanzo za ziphaso ndi mafomu.

```
Sehr geehrter Herr Dr. Mustermann,

ich hoffe, diese E-Mail findet Sie gut. Ich bin Krankenschwester
und arbeite seit sechs Jahren im Theater. Ich möchte mich um einen
achtwöchigen Anhang in Ihrer Abteilung bewerben. Mein Vorgesetzter
hat ihnen ein Empfehlungsschreiben geschickt. Sie kennt mich seit
2019. Mein Lebenslauf ist beigefügt. Es ist auf Englisch.
Lass mich wissen, wenn du weitere Unterlagen brauchst.
Ich bin aufgeregt, von Ihrem Team zu lernen.

Mit freundlichen Grüßen,
```

M'kalata yaifupi chonchi muli malo 11 ofunika kukonza. Tiyenda nayo mpaka kumapeto. Njira yake ndi yoti muiwerenge katatu, ulendo uliwonse mukufunafuna chinthu chimodzi chokha. Mukafuna kugwira zonse pa ulendo umodzi, kusalala kwa ziganizo kumakugonetsani tulo.

Poyamba, siyani kudalira kubweza m'Chingerezi

Zimene anachita alamu anga ndi zimene amachita pafupifupi aliyense, ndipo n'zomveka. Koma taganizani zimene zimachitika. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, *you*, loitanira mwana, mfumu ndi gulu la anthu. Chili ndi liwu limodzi, *nurse*, la namwino wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Makina akamamasulira kupita ku Chijeremani amakakamizika kusankha, chifukwa Chijeremani sichilola kusiya zimenezi osatchula. Akasankha molakwa inu nkubweza m'Chingerezi, cholakwacho chimamira m'liwu limodzi lomwe lija, nkubwerera chikuoneka choyera. Kubweza kumathandiza kuona ngati chiganizo chadumphidwa kapena ngati nambala yasintha. Pa jenda ndi pa ulemu sikuona kanthu.

Makina a masiku ano, monga Google Translate imene inayamba kugwiritsa ntchito njira yake yatsopano mu 2016, ndi DeepL ya ku Cologne imene inatuluka mu 2017, amasankha mawu potengera zimene anakumana nazo kawirikawiri m'zolemba zimene anaphunzirirapo. Ngati m'zolembazo madokotala ambiri ndi abambo ndipo anamwino ambiri ndi amayi, makina akasowa chowauza amangotsata unyinjiwo. Mukadziwa zimenezi mumadziwiratu pamene ngozi ili: paliponse pamene chilankhulo chochokera sichinanene kanthu koma Chijeremani chikufuna yankho.

Ndiye musanawerenge n'komwe Chijeremanicho, tengani pepala mulembe zinthu zitatu. Lembani anthu onse otchulidwa m'kalatayo, aliyense ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Lembani amene adzaiwerenge ndi ubale wanu ndi iye. Lembaninso dziko limene ikupita, pakuti Germany, Austria ndi Switzerland amasiyana pa zinthu zina. Pepala la alamu anga linali motere: wolemba, mwamuna; Dr. Mustermann, mkazi, sitinaonanepo; mkulu wawo wa pantchito kuno, mkazi; dziko, Germany. Kuti dokotalayo ndi mkazi tinatsimikiza poyang'ana tsamba la chipatalacho, pamene udindo wake unalembedwa kuti *Oberärztin*, kutanthauza dokotala wamkulu wamkazi. Musaganizire potengera dzina loyamba lokha, chifukwa mayina ngati Kim ndi Toni amapatsidwa kwa amuna ndi akazi omwe.

Ulendo woyamba: anthu, kenako zinthu

Dutsani m'kalatayo mukulemba mzere pansi pa liwu lililonse lotchula munthu. Mayina ambiri a ntchito m'Chijeremani amaonetsa mkazi ndi mchira wa *-in*: *Lehrer* ndi mphunzitsi wamwamuna, *Lehrerin* wamkazi, *Arzt* ndi dokotala wamwamuna, *Ärztin* wamkazi. Liwu lililonse limene mwalemba mzere liyerekezeni ndi pepala lija.

Mzere woyamba weniweni unagwa. *Sehr geehrter Herr* ndi moni wa kwa bambo. Kwa mayi ndi *Sehr geehrte Frau Dr. Mustermann*, ndipo onani kuti sikusintha *Herr* yekha: *geehrter* nayenso amataya *r* wake. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa akamakonza okha. Amasintha liwu limodzi nkusiya anzake oyenda nalo.

Ife olankhula Chichewa zimenezi sizikuyenera kutidabwitsa. Mukasintha "chikalata changa chafika" kuti mukhale "kalata", simunena kuti "kalata changa chafika". Mumasintha mzere wonse: "kalata yanga yafika". Chijeremani chimachita chimodzimodzi, kungoti magulu ake a mayina ndi atatu, *der*, *die* ndi *das*. Mukakonza dzina, yang'anani kumanzere kwake, kumene kuli kaliwu kolitsogolera ndi afotokozi, kenako yang'anani kumanja, kumene kuli alowam'malo olozanso dzina lomwelo.

Chachiwiri chinali *Krankenschwester*. Mkati mwa liwuli muli *Schwester*, kutanthauza mchemwali, choncho mwamuna sangakhale *Krankenschwester* ngakhale pang'ono. Mwamuna ndi *Krankenpfleger*. Alamu anga atamva zimenezi anagwira pakamwa. Palinso china choti mudziwe ngati ndinu namwino: kuyambira mu 2020 dzina la ntchitoyi kwa ophunzira atsopano ku Germany ndi *Pflegefachfrau* kwa mkazi ndi *Pflegefachmann* kwa mwamuna, ndipo ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo. Munthu amene maphunziro ake sanavomerezedwe kumeneko asadzitche choncho, ngakhale makina atamupatsa liwulo. Ife tinalemba kuti amagwira ntchito *als Krankenpfleger* ku Malawi, zimene zikungofotokoza ntchito yawo ya kuno.

Chachitatu n'chimene ndimafuna muchione bwino, chifukwa chimaonetsa mmene makinawa amaganizira. Chiganizo china chikuti *Mein Vorgesetzter*, mkulu wanga wamwamuna. Chotsatira chake chikuti *Sie kennt mich*, mayiyo amandidziwa. Munthu mmodzi wasanduka mkazi pakati pa ziganizo ziwiri. Chinachitika n'chakuti m'chiganizo choyamba Chingerezi sichinanene kuti mkuluyo ndi ndani, makina nkusankha mwamuna. M'chachiwiri munali *she*, makina nkutsata, osabwerera kukakonza choyamba chija. Makina ambiri amaona chiganizo chimodzi kapena zochepa zoyandikana. Choncho cholakwa cha jenda chimakonda kubisala pa malire a ziganizo, ndipo pamenepo ndi pofunika kuchedwapo. Mjeremani wowerenga *Sie kennt mich* pamenepa amayamba kufunafuna mayi amene sanatchulidwe. Kukonza kwake ndi *Meine Vorgesetzte*.

Mukatha anthu, bwerani ku zinthu. Makina salakwitsa kawirikawiri kuika *der*, *die* kapena *das* patsogolo pa dzina. Zimenezo amazidziwa kuposa ife ophunzira. Amalakwitsa pa mlowam'malo. Chingerezi chimati *it* pa chinthu chilichonse, ndiye makina amathamangira *es*. Koma *Lebenslauf*, chikalata cha mbiri ya ntchito, ndi *der*, choncho mlowam'malo wake ndi *er*. *Urkunde*, satifiketi, ndi *die*, mlowam'malo wake ndi *sie*. Polankhula mungamve Mjeremani akuti *es ist auf Englisch* osadandaula, koma m'kalata yopempha malo lembani *er*. Fufuzani *es* aliyense m'kalata yanu nkumufunsa kuti akuimira chiyani. Ngati akuimira dzina, tsegulani mtanthauziramawu wa Chijeremani wa Duden pa duden.de muone gulu la dzinalo.

Pali zizindikiro zochepa zimene zimafulumizitsa ntchito. Mayina othera ndi *-ung*, *-heit*, *-keit* ndi *-schaft* ndi a *die*. Othera ndi mchira wochepetsa wa *-chen* kapena *-lein* ndi a *das*, n'chifukwa chake mtsikana ndi *das Mädchen*. Dzina lolumikiza limatenga gulu la chigawo chomaliza: *das Schreiben*, ndiye *das Empfehlungsschreiben*, ngakhale *Empfehlung* ali wa *die*. Ndipo samalani ndi mayina amene tanthauzo lake limasintha ndi gulu. *Der Leiter* ndi mtsogoleri, *die Leiter* ndi makwerero. Mtsogoleri wamkazi ndi *die Leiterin*. Munthu wofuna kusandutsa mtsogoleri kukhala mkazi posintha *der* yekha amamusandutsa makwerero. Chimodzimodzi *das Gehalt* ndi malipiro, pamene *der Gehalt* ndi kuchuluka kwa chinthu mkati mwa china.

Ulendo wachiwiri: iwe ndi inu

Apa tili ndi mwayi umene olankhula Chingerezi alibe. Timadziwa m'thupi mwathu kupweteka kwa kuitanidwa "iwe" ndi munthu woyenera kunena "inu". *Du* ndi iwe, *Sie* ndi inu waulemu. Chiganizo chija chakuti *Lass mich wissen, wenn du weitere Unterlagen brauchst* chikumveka ngati munthu wayamba bwino kuti "a dokotala, ndikupempha", kenako nkuti "undiuze ukafuna mapepala ena". Ndinawamasulira alamu anga motero ndipo sindinafunikirenso kufotokoza zambiri.

Koma musafulumire kuika *Sie* paliponse pamene mukanaika "inu". Malire ake ndi osiyana ndi athu. Ife timati "inu" kwa amayi, abambo, agogo, ndipo m'mabanja ambiri ngakhale mwamuna ndi mkazi wake. Mjeremani amati *du* kwa makolo ake, kwa agogo ake, kwa ana ndi kwa Mulungu popemphera. *Sie* sakuyeza msinkhu kwenikweni koma mtunda: ndi wa munthu wamkulu amene simunayandikane naye. Kwa dokotala, pulofesa, mwini nyumba, ofesi ya boma ndi aliyense amene mukumulembera koyamba pa za ntchito, lembani *Sie*. Mwambo wake ndi wakuti wamkulu pa zaka kapena pa udindo ndi amene amayamba kupereka *du*. Makampani ena achinyamata amalemba *du* pa chilengezo cha ntchito chomwe. Zikatero mukhoza kutsata, komabe *Sie* pa kalata yoyamba sanyozetsa munthu.

Msampha wina ndi *ihr* wa chilembo chaching'ono. Popeza "inu" wathu ndi wa ulemu komanso wa anthu ambiri, mtima umafuna kuti *ihr*, amene ndi wa anthu ambiri, akhalenso waulemu. Ayi. *Ihr* ameneyu ndi gulu la anthu amene aliyense mumamuti *du*. Mukalembera komiti ya anthu asanu osawadziwa, ndi *Sie* yemweyo.

Ulendo umenewu musaudalire maso okha. Koperani kalatayo pa kompyuta, dinani Ctrl+F, mufufuze mawu awa limodzilimodzi:

```
du  dich  dir  dein  euch  euer  eure
```

M'kalata yaulemu onsewa asapezeke ngati mawu oima paokha; akapezeka mkati mwa liwu lina, zilibe kanthu. Kenako pali chimene kufufuzaku sikungagwire: mneni wolamula wa *du* sayenda ndi *du*. *Lass*, *schick*, *gib*, *sag*, *ruf* onsewa ndi "iwe" wobisika, monga mmene "bwera" amasiyanirana ndi "bwerani" popanda kutchula iwe. Waulemu nthawi zonse amakhala ndi *Sie* pambuyo pake: *schicken Sie*, *geben Sie*, *rufen Sie*. Ndiye yang'anani chiganizo chilichonse choyamba ndi mneni, kapena choyamba ndi *bitte*. Ngati palibe *Sie* pafupi, imani pamenepo. Mizere yaifupi yolamula ndi imene makina amakonda kutembenuzira ku *du*, chifukwa m'zolemba zambiri mizere yotere ndi ya anthu ozolowerana.

Mukatero fufuzani *sie*, *ihnen* ndi *ihr* a zilembo zazing'ono. M'kalata ya alamu anga munali *hat ihnen ein Empfehlungsschreiben geschickt*. Ndi chilembo chaching'ono, *ihnen* akutanthauza "kwa iwo", anthu ena amene sali pano. Ndi chachikulu, *Ihnen* ndi "kwa inu". Dokotala akanatha kufunsa kuti kalata ya umboniyo yapita kwa yani. Ichi sichinali cha makina. Alamu anga analembanso chiganizocho pa foni ndipo foniyo inachepetsa chilembo. N'chifukwa chake kufufuza kumeneku kuchitike pa kalata yomaliza yeniyeni, osati pa imene yangotuluka kumene m'makina.

Makina ena ali ndi posankha ulemu. DeepL ili napo pa Chijeremani kwa amene amalipira. N'chothandiza, koma chimangokonza *du* ndi *Sie*. Sichidziwa ngati mawu ena onse akuyenera m'kalata ya ku ofesi. *Kriegen* ndi *erhalten* onse ndi kulandira, koma woyambayo ndi wa pocheza. *Brauchen* alibe vuto, koma *benötigen* amakhala bwino m'kalata yotere. Mukakayika liwu, Duden imalemba pambali pake chizindikiro: *umgangssprachlich* ndi la pocheza, *salopp* ndi lotayirira, *gehoben* ndi lapamwamba kwambiri, *veraltet* ndi lachikale. Liwu lokhala ndi chimodzi mwa zimenezi liganizireni kawiri. Ndipo makina akakupatsani *Fräulein* pomasulira *Miss*, fufutani msanga. Maofesi a boma la West Germany anasiya liwuli mu 1972, ndipo lero mkazi aliyense wamkulu ndi *Frau*, wokwatiwa kapena ayi.

Moni ndi kutsanzika zili ndi malamulo ake ang'onoang'ono. Ku Germany ndi ku Austria, pambuyo pa moni pamabwera mpatuliro, ndipo chiganizo choyamba chimayamba ndi chilembo chaching'ono. Pambuyo pa *Mit freundlichen Grüßen* sipakhala mpatuliro. Umene unali m'kalata yathu unachokera ku chizolowezi cha Chingerezi. Ku Switzerland salemba ß, ndiye ndi *Grüssen*, ndipo kawirikawiri moni sukhala ndi mpatuliro, chiganizo choyamba nkuyamba ndi chilembo chachikulu.

Ulendo wachitatu: mawu olondola amene sanena zimene mukufuna

Ulendo uwu ndi wovuta kuposa ina, ndipo uyambireni ku kalata yanu yoyambirira, osati ku Chijeremani. Lembani mzere pansi pa chining'a chilichonse, pansi pa moni wa chizolowezi, ndi pansi pa liwu lililonse limene kwathu kuno timaligwiritsa ntchito mwanjira yathuyathu. Kenako pitani mukaone chimene chatuluka pa malo amenewo.

Zining'a zotchuka makina a lero amazidziwa. Sakulemberaninso kuti kukugwa amphaka ndi agalu, monga Chingerezi chimanenera mvula yamphamvu. Amadziwa kuti Mjeremani amati *es regnet in Strömen*, ndiponso kuti pofunira munthu mwayi amafinya zala zazikulu, *die Daumen drücken*. Zimene zimadutsa ndi zazing'ono zosaoneka ngati zining'a. Ife tinaphunzira kusukulu kuyamba kalata ndi kufunsa moyo, ndipo n'khalidwe labwino. Koma *ich hoffe, diese E-Mail findet Sie gut* ndi Chingerezi chovala malaya a Chijeremani. Kalata m'Chijeremani "sipeza" munthu ali bwino. Kwa munthu amene mumadziwana naye mungati *ich hoffe, es geht Ihnen gut*. Kwa dokotala amene simunakumanepo naye, chotsani chiganizo chonsecho mulowe m'nkhani. Alamu anga anakana poyamba.

"Ndingoyamba osawapatsa moni? Aziti ndine wopanda mwambo."

"Moni mwapereka kale pa mzere woyamba uja, alamu. Kwa iwo ulemu ndi kusawatayitsa nthawi."

Kenako panali *Theater*. M'zipatala zathu aliyense amati "ali ku fiyeta", ndipo tonse timamva kuti ndi ku opaleshoni. *Theater* wa Chijeremani ndi nyumba ya zisudzo basi. Kalatayo inkati alamu anga akhala zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito ku zisudzo. Chipinda cha opaleshoni ndi *Operationssaal*, ndipo ogwira ntchito m'chipatala amangoti *OP*: *ich arbeite im OP*. Makina akanatha kupeza zimenezi akanakhala kuti Chingerezi chake chinanena mawu onse awiri, *operating theatre*.

*Anhang* ndi nkhani yofanana nayo. Kuno wophunzira kapena wantchito akapita kukaphunzira ntchito pa malo ena timati wapita ku atachimenti. Makina anamva kuti ndi chikalata chomata pa imelo, ndiye alamu anga ankapempha "chomata cha milungu isanu ndi itatu". Kuti tipeze liwu loyenera tinayenera kufunsa kaye kuti akukachita chiyani kwenikweni. Kukagwira ntchito ngati wophunzira ndi *Praktikum*. Kukaonerera ndi kuphunzira monga mlendo wodziwa kale ntchito ndi *Hospitation*, ndipo ndi zimene iwo ankafuna. Tinatsimikiza pobwerera pa tsamba la chipatala lija, pamene liwu lomwelo linali pa mutu wa chilengezo. Imeneyi ndi njira imene ndimaikhulupirira kuposa mtanthauziramawu aliyense: onani liwu limene anthu mukuwalemberawo amagwiritsa ntchito okha, mutenge lomwelo.

Pomaliza *aufgeregt*. Liwuli limatha kunena chisangalalo, koma kawirikawiri limanena mtima wosakhazikika, ngati wa munthu amene akudikira mayeso. Namwino wa ku opaleshoni safuna kudzionetsa wonjenjemera. Chimene Mjeremani amalemba pamenepa ndi *ich freue mich* kapena *ich würde mich freuen*.

Mungadziwe bwanji zonsezi ngati Chijeremani chanu chikadali chochepa? Pali njira ziwiri zimene zimagwira ntchito ngakhale kwa woyamba kumene. Yoyamba, tengani mawu atatu kapena anayi okayikitsawo, muwatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, muwafufuze pa intaneti. Musawerenge kuchuluka kwa zotsatira. Onani kumene zachokera. Ngati mawuwo akupezeka m'manyuzipepala a ku Germany ndi pa masamba a zipatala kapena mayunivesite, ali bwino. Ngati akungopezeka pa masamba omasulira ndi pa malonda ochokera kunja, ndiye kuti ndi makina ena amene analemba zomwezo. Yachiwiri, tsegulani dwds.de, mtanthauziramawu wa bungwe la maphunziro la Berlin-Brandenburg, mulembe dzinalo, muone gawo la *Wortprofil*. Limaonetsa mawu amene amayenda ndi dzinalo. Pa *Entscheidung*, chisankho chimene munthu wapanga, mupeza *treffen* ndi *fällen*, osati *machen*. Monga ife timati "kumanga mfundo" ndi "kutchera khutu", chilankhulo chilichonse chili ndi aneni ake okwatirana ndi mayina ake, ndipo makina akatsata Chingerezi amakwatitsa olakwika.

Ngati mukumasulira kuchokera ku Chichewa chenicheni, chimene Google Translate inachiwonjezera mu 2014, chenjerani kawiri. Zilankhulo zokhala ndi zolemba zochepa nthawi zambiri zimadutsira ku Chingerezi, ndiye "inu" wanu waulemu amafera panjira asanafike ku Chijeremani. Komanso Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa "iye" kapena pa "anabwera", ndiye makina amangolota. Liwu lakuti "mnzanga" lokha lingakuikeni m'mavuto: *mein Freund* ndi *meine Freundin* kawirikawiri amamveka ngati chibwenzi, pamene mnzanu wamba ndi *ein Freund von mir* kapena *eine Freundin von mir*.

Kukonza: bwererani ku gwero

Mukapeza zolakwa, muli ndi njira ziwiri. Ngati mumadziwa bwino michira ya mayina ndi afotokozi, konzani Chijeremanicho ndi dzanja. Ngati simuidziwa bwino, musayese kusintha liwu limodzilimodzi, chifukwa mudzasiya michira yosagwirizana. Taonani *einen achtwöchigen Anhang*: mukangochotsa *Anhang* nkuikapo *Hospitation*, mawu awiri akutsogolowo atsala a *der*, pamene akuyenera kukhala *eine achtwöchige*. Njira yotetezeka ndi kukonza kalata yoyambirira kuti isasiye mpata woganizira, nkuimasuliranso. Nenani poyera kuti ndinu namwino wamwamuna. Ikani *Ms* pa moni. Lumikizani ziganizo ziwiri zonena za munthu mmodzi kuti *she* akhale m'chiganizo chomwecho ndi udindo wake. Sinthani lamulo lalifupi likhale pempho lathunthu. Chotsani chining'a munene tanthauzo lake m'mawu wamba. Ndipo ikani kalata yonse nthawi imodzi, osati chiganizo chimodzichimodzi, kuti makina aone moni waulemu uja pamene akumasulira mizere yapansi. Zikatuluka, bwerezani maulendo atatu aja, chifukwa kumasuliranso kumatha kukonza apa nkuwononga pena.

Ife tinasakaniza njira ziwirizi, ndipo kalata inatuluka motere:

```
Sehr geehrte Frau Dr. Mustermann,

ich arbeite seit sechs Jahren als Krankenpfleger im OP eines
Distriktkrankenhauses in Malawi und möchte mich um eine
achtwöchige Hospitation in Ihrer Abteilung bewerben. Meine
Vorgesetzte, die mich seit 2019 kennt, hat Ihnen bereits ein
Empfehlungsschreiben geschickt. Meinen Lebenslauf finden Sie im
Anhang; er ist auf Englisch verfasst. Bitte teilen Sie mir mit,
ob Sie weitere Unterlagen benötigen. Ich würde mich sehr freuen,
von Ihrem Team lernen zu dürfen.

Mit freundlichen Grüßen
```

Onani kuti *Anhang* wabwereranso, koma tsopano pa malo ake enieni, pa chikalata chomata. Onaninso kuti mawu okhudza Malawi tinawawonjezera ndi ife: makina sangaike chimene wolemba sanalembe, ndipo dokotala ankayenera kudziwa pa chiganizo choyamba kumene wopemphayo ali.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imakwanira pa kalata, pa imelo ndi pa uthenga wa kwa mwini nyumba. Satifiketi ya sukulu, ya ukwati kapena ya kubadwa, maofesi a ku Germany kawirikawiri amafuna yomasuliridwa ndi womasulira wolumbiritsidwa, *beglaubigte Übersetzung*, yokhala ndi chidindo chake, ndipo ya makina sailandira ngakhale itakhala yopanda cholakwa. Za odwala, mayina awo ndi zotsatira za kuyezetsa musaziike m'makina aulere. Ndipo ngati kalatayo ikunyamula tsogolo lanu, ipatseni munthu amene Chijeremani ndi chake aiwerenge. Musamufunse kuti "ili bwino?", chifukwa adzati inde pofuna kukusangalatsani. Mupatseni pepala lija la anthu, mumufunse kuti: kodi pali pamene mwamuna wasanduka mkazi, pali pamene ulemu watsika, ndipo ndi chiganizo chiti chimene inuyo simukanachilemba chonchi? Alamu anga anatumiza yawo kwa sisitere wina wa ku Germany amene anagwirapo nawo ntchito, ndipo anabweza atasintha liwu limodzi: *bereits* analichotsa, nati silikuwonjezera kanthu.